Kuwerenga ECG ya mtima wabwinobwino: P, QRS ndi T

Kwa ophunzira unamwino a chaka chachiwiri. Werengani musanabwere ku phunziro la Lachinayi.

ECG imajambula magetsi a mtima, osati kupopa kwake. Magetsi amayamba kudutsa, kenako mnofu umafinyika. Choncho musatenge wodwala kukhala bwino chifukwa cha mzere wokongola pa makina. Gwirani dzanja lake mumve ngati mtsempha ukugunda.

Yambani ndi pepala lenilenilo. Limayenda mamilimita 25 pa sekondi, ndiye kabokosi kakang'ono ndi masekondi 0.04, ndipo bokosi lalikulu, la timabokosi 5, ndi masekondi 0.2. Kukwera m'mwamba, mamilimita 10 ndi 1 mV. Onani manambala amenewa m'munsi mwa pepala musanayeze chilichonse, chifukwa wina akasintha liwiro kufika pa 50, zonse zimaoneka zotambalala. Timamata mawaya 10 pathupi koma makina amatulutsa malidi 12, ngati anthu 12 oonerera mpira umodzi ataima mbali zosiyana za bwalo. Ife tiphunzirira pa lidi II, chifukwa P amaoneka bwino pamenepo.

P ndi kachulu kakang'ono kosalala kamene kamatsogolera. Magetsi amayambira pa kachigawo ka SA, m'chipinda cham'mwamba chakumanja, n'kufalikira m'zipinda ziwiri zam'mwamba. Kufalikirako ndiye P. Ndi wamng'ono chifukwa mnofu wa zipindazi ndi wopyapyala. Safika timabokosi 3 m'lifupi, sapitirira mamilimita 2.5 kutalika pa lidi II, ndipo amaima chilili pa malidi I ndi II koma amazondoka pa lidi yotchedwa aVR. Mukamuona atazondoka pa I, musathamangire kuitana dokotala. Kawirikawiri ndi inu amene mwasinthanitsa mawaya a m'manja.

P akatha, mzere umagona pang'ono. Apa magetsi afika pa kachigawo ka AV ndipo amachedwetsedwa, kuti zipinda zam'mwamba zimalize kukhuthulira magazi m'zipinda zam'munsi. Timayeza PR kuchokera poyambira P mpaka poyambira QRS, osati pansonga ya R monga ambiri amalembera pa mayeso. Mulingo wake ndi masekondi 0.12 mpaka 0.20, kapena kuti timabokosi 3 mpaka 5.

QRS ndi magetsi akulowa m'zipinda ziwiri zam'munsi. Ndi wamtali chifukwa mnofu wake ndi wochindikala, makamaka kumanzere, kumene kumakankha magazi opita m'thupi lonse. Ndi wowonda chifukwa magetsi amathamanga m'njira zake zapadera, mtolo wa His ndi timitsitsi ta Purkinje, n'kufika paliponse pafupifupi nthawi imodzi. N'chifukwa chake QRS wabwino safika masekondi 0.12. Akatambalala kuposa apo, ndiye kuti magetsi asiya msewu wa tala, akudzera m'tinjira ta m'minda. Q ndi kutsika koyamba R asanabwere, R ndi kukwera koyamba, S ndi kutsika kotsatira R. Sikuti onse atatu amaoneka pa lidi iliyonse, koma dzina limakhalabe QRS. Pachifuwa, R amayamba wamng'ono pa V1 n'kumakula tikamapita chakumanzere. Wina adzafunsa kuti nanga zipinda zam'mwamba zimabwezeretsa magetsi ake liti? Zimatero nthawi yomweyi, kungoti QRS amaphimba kachizindikiro kake.

Kuchokera pa S kufika pa T mzere uyenera kugona pamulingo umodzi ndi mzere woyambira. Chigawo chimenechi ndi ST, ndipo kukwera kapena kutsika kwake tidzakuphunzira pa matenda a mitsempha ya mtima.

T ndi zipinda zam'munsi zikubwezeretsa magetsi ake kukonzekera kugunda kwina. Ndi wotambalala kuposa QRS, amakwera pang'onopang'ono n'kutsika mofulumirirapo, ndipo kawirikawiri amaloza kumene QRS waloza. Pa aVR amazondoka, pa V1 nthawi zambirinso. Mwa ana, ndiponso mwa akuluakulu ena athanzi a kuno ku Afirika, amatha kuzondoka mpaka V3. Koma T wamtali wosongoka ngati nsonga ya tenti, makamaka mwa wodwala impso, akuganizitseni za potaziyamu wochuluka m'magazi, ndipo ameneyo sadikira m'mawa.

Zilembo P, Q, R, S ndi T sizifupikitsa mawu aliwonse. Anazisankha Willem Einthoven wa ku Netherlands mu 1895.

Liwiro la mtima: werengani mabokosi akuluakulu pakati pa R ndi R wotsatira, mugawe 300 ndi nambalayo. Mabokosi 4 ndi 75 pa mphindi. Njirayi imagwira pokhapokha mipata ikhale yofanana. Munthu wamkulu akamapumula, timayembekeza 60 mpaka 100, P mmodzi patsogolo pa QRS aliyense.

Lachinayi aliyense adzalandira pepala la mayi wa zaka 34 amene anabwera kudzayezetsa asanachitidwe opaleshoni. Mudzalemba liwiro, PR, kutambalala kwa QRS ndi kumene T waloza pa II, aVR ndi V1. Bwerani ndi rula ndi pensulo.