Kalata yopempha komiti kuti iunikenso chigamulo chake

Nkhotakota
3 Malichi 2025

Kwa Wapampando,
Komiti Yoona za Mwambo ndi Khalidwe pa Sukulu,
Kudzera kwa Mphunzitsi Wamkulu.

Okondedwa a Wapampando ndi mamembala onse,

PEMPHO LOTI CHIGAMULO CHA PA 20 FEBULUWALE CHIUNIKIDWENSO

Ndalemba kalatayi modzichepetsa pofuna kudandaula za chigamulo chimene komiti yanu inapereka pa ine, chomwe ndinachilandira m'kalata Lolemba pa 24 Febuluwale. Kalatayo ikuti ndalakwa pa zinthu ziwiri: kugoneka wophunzira m'nyumba mwanga popanda chilolezo, ndi kubisa mwana kwa makolo ake. Chilango chake ndi chenjezo lolowa m'faelo yanga, kundichotsa pa udindo woyang'anira atsikana, komanso kutumiza lipoti ku ofesi ya maphunziro ya chigawo ku Kasungu. Munandipatsa masiku khumi ndi anayi oti ndidandaule, ndipo masikuwo sanathe.

Ndinene poyambirira pomwe kuti mlandu woyambawo sindikuukana wonse. Mtsikanayo anagonadi kwanga masiku atatu, ndipo lamulo la sukulu loti wophunzira asagone m'nyumba ya mphunzitsi ndimalidziwa. Ndinali nawo pa msonkhano umene tinalikhazikitsa, ndipo ndinalivomereza, chifukwa tonse tikudziwa zimene zachitikira ana ambiri m'nyumba za aphunzitsi. Chimene ndikukana ndi mawu akuti ndinabisa mwana, komanso njira imene mlanduwu unaweruzidwira ine kulibe.

Dzina la mtsikanayu sindilitchula muno, poti kalata imadutsa m'manja ambiri. Inu mukumudziwa. Ali mu Fomu 4, ali ndi zaka 16, ndipo ndi mmodzi mwa atsikana amene amagona m'nyumba za lendi pafupi ndi sukulu chifukwa kwawo, kugombe la kufupi ndi Chia, ndi kutali koti sangayende tsiku ndi tsiku.

Lachisanu pa 7 Febuluwale, nthawi itapitirira 9 koloko usiku, ndinamva kugogoda. Mvula inali ikugwa kuyambira madzulo, magetsi atazima. Nditatsekula ndinapeza mwanayu atanyoweratu, wopanda nsapato, makope ake atawakulunga mu jumbo ndi kuwafungatira pachifuwa. Kwa kanthawi sanathe kuyankhula. Nditamupatsa chitenje ndi tiyi ndi pamene anandiuza kuti amalume ake anabwera masana kudzamuuza kuti alongedze, chifukwa m'mawa mwake abwera ndi njinga yamoto kudzamutenga. Anati kwawo analandira kale ndalama kwa bambo wina mwini maboti a usipa, ndipo zokambirana za ukwati zinali zitatha. Mwini nyumba imene amagona anali atauzidwa kale kuti lendi ya mwezi wamawa sidzabwera.

Ndikupempha membala aliyense adziike pakhomo panga usiku umenewo. Ndikanamubweza kuti? Ku chipinda chomwe amalumewo ankachidziwa, kumene amabwera kukacha? Ndikanamukweza kabaza pa mseu wa M5 usiku, mvula ili choncho, kuti akafike ku polisi ku boma? Ine ndine mayi, ndimakhala ndi ana anga awiri ndi mng'ono wanga, m'nyumbamo mulibe mwamuna. Ndinamuyalira mphasa m'chipinda cha mwana wanga wamkazi.

Koma sindinangokhala chete. Usiku womwewo ndinaimbira a hedi kawiri, foni yawo sinkapezeka. Monga mukudziwa anali ku msonkhano ku Kasungu ndipo anabwera Lamlungu madzulo. Nthawi ya 9:52 ndinatumiza uthenga pa foni ya achiwiri awo, wonena kuti mtsikana wa Fomu 4 wathawira kwanga ndipo ndikufuna malangizo. Uthengawo ukadali m'foni mwanga, ukuonetsa kuti unafika ndi kuwerengedwa m'mawa wa Loweruka. Yankho silinabwere. Loweruka lomwelo, 6 koloko isanakwane, ndinatuma mng'ono wanga kukaitana amayi amene amatsogolera gulu la amayi a pasukulu pano. Anabwera, anakhala ndi mwanayo pafupifupi maola awiri, ndipo ndi iwo amene anati asachoke mpaka a hedi atabwera. Anandiuza kuti, “Aphunzitsi, mwana wa mnzako ngwako yemwe, musamutulutse.” Munthu wobisa mwana saitana mboni m'bandakucha.

Pa nkhani ya makolo, zimene zinachitika ndi izi. Loweruka masana amalume aja anafika pakhomo panga ndi anthu ena awiri. Sindinawanamize. Ndinawauza kuti mwana ali muno, ali bwino, wadya, ndipo nkhani yake tikakambe Lolemba ku ofesi pamaso pa a hedi. Chimene ndinakana ndi kumupereka kwa iwo, iye akulira ndi kukana kutuluka. Amayi ake omubereka ndinayankhula nawo pa foni ya mnansi wawo madzulo a tsiku lomwelo, ndipo sanandiuze kuti ndimubweze. Anangofunsa ngati wadya, kenako analira. Ndikudziwa kulemera kwa mawu a malume pa mbumba kuno kwathu, ndipo sindikupeputsa mwambo umenewo. Inenso ndinaleredwa ndi atsibweni anga, ndi iwo anandilipirira fizi. Koma udindo wa malume ndi kusunga mbumba. Malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa mu 2017 kuti munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangalowe m'banja ngakhale makolo atavomereza. Lamulo la maukwati la 2015 linanena kale za zaka 18 zomwezo, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaletsa kukakamiza mwana kukwatiwa. Ndikanamupereka tsiku limenelo, ndikanakhala ndathandizira chinthu chimene malamulo onsewa akuletsa. Zimenezi timaphunzitsa ana athu m'kalasi, ndi kuwauza kuti zikawagwera athamangire kwa munthu wamkulu amene amamukhulupirira. Uyu anachita zimene tinamuphunzitsa.

Pamene ndinalakwa ndikupadziwa, ndipo ndakhala ndikupaganizira masabata atatu onsewa. Achiwiri kwa a hedi atapanda kuyankha, ndinayenera kupita ndekha kunyumba kwawo Loweruka, poti ndi pafupi. Ndinayenera kuimbira wogwira ntchito yoteteza ana wa dera lino, kapena nambala ya 116 imene ife tomwe tinaimata pa bolodi, kapena a polisi a nthambi yothandiza ozunzidwa. Ndinayeneranso kupempha amayi aja kuti mwanayo akagone kwawo usiku wachiwiri ndi wachitatu, kuti lamulo la sukulu lisaphwanyidwe kupitirira pamene panali povuta. Sindinachite zimenezi. Ndinaopa kuti akangotuluka pakhomo panga amutenga, ndipo mantha anandiphimba nzeru. Lipoti lolemba ndinapereka Lolemba pa 10 Febuluwale m'mawa, pamene ndikanatha kulilemba Loweruka. Pa zimenezi ndikupepesa, ndipo chidzudzulo choyenera kulakwa kumeneku ndichilandira ndi manja awiri.

Tsopano za mmene mlandu unayendera. Komiti inakumana Lachinayi pa 20 Febuluwale. Ine ndinauzidwa pakamwa Lachitatu madzulo, pa khonde la chipinda cha aphunzitsi, kuti mawa kuli “kukambirana pang'ono”. Sindinapatsidwe kalata yonena milandu yanga. Kalata yodandaula imene amalume aja analemba sindinaionepo mpaka lero. Nditafika anandifunsa funso limodzi lokha, ngati mtsikanayo anagona kwanga, ndipo nditati inde anandiuza kuti ndidikire panja. Ndinadikira mphindi makumi anayi, kenako anati ndibwerere m'kalasi. Amayi a gulu lija sanaitanidwe. Mtsikanayo sanafunsidwe. Nthumwi ya TUM ya pasukulu pano sinadziwitsidwe, ndipo ine sindinauzidwe kuti ndingabwere nayo.

Pali chinanso chimene chikundivuta kuchilemba, chifukwa munthu wake ndagwira naye ntchito mwamtendere zaka zisanu ndi chimodzi ndipo ndimamulemekeza. Achiwiri kwa a hedi, amene ndinawatumizira uthenga usiku uja, anakhala nawo pa komiti ndi kuweruza nawo. Sindikuti anachita dala, mwina uthengawo anauona ali pa zina n'kuiwala. Koma funso loti kodi ndinadziwitsa akuluakulu kapena ayi ndiye phata la mlandu wonse, ndipo pa funso limeneli iwo ndi mboni. Mboni singakhalenso woweruza. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko limati munthu aliyense ali ndi ufulu woti chigamulo chomukhudza chochokera kwa adindo chipangidwe motsata malamulo ndi mwa njira yachilungamo, komanso apatsidwe zifukwa zake polemba. Kalata imene ndinalandira ili ndi mizere isanu ndi itatu. Ikutchula chilango, koma sikunena umboni umene komiti inakhulupirira, kapena chifukwa chake inaona kuti ndinabisa mwana.

Ndaphunzitsa zaka khumi ndi zinayi, zisanu ndi zitatu mwa izo pasukulu ino, ndipo faelo yanga inalibe banga. Mawu akuti “anabisa mwana kwa makolo” akafika ku Kasungu, wowerenga sadzadziwa za mvula, za uthenga wa 9:52, kapena za njinga imene imabwera m'mawa. Adzangoona mphunzitsi wosadalirika pa ana, ndipo mawuwo adzanditsata kulikonse kumene ndingasamutsidwire ndi pa mafunso alionse okwezedwa pantchito.

Komabe chimene chikundisowetsa tulo kwambiri ndi atsikana otsalawo. Pa mndandanda wanga pali atsikana 31 ogona m'nyumba za lendi. Nkhaniyi onse aimva, poti pano chinsinsi sichigona. Sabata yatha mmodzi wa Fomu 2 anayamba kundiuza vuto lake, n'kuleka pakati, nati, “Basi madamu, ndingakuikeni m'mavuto ngati mnzathu uja.” Aphunzitsi anzanga aakazi nawonso aona. Tsiku lina mwana adzagogoda usiku pa nyumba ina ya mzere wathu uja, ndipo wam'katiyo adzayamba waganiza za faelo yake asanatsekule.

Choncho ndikupempha kuti mlanduwu umvedwenso, ine ndilipo pamodzi ndi nthumwi ya TUM, nditapatsidwa milandu yanga ndi kalata ya odandaula masiku angapo tsikulo lisanafike. Achiwiri kwa a hedi abwere ngati mboni, ndipo mpando wawo pa komiti ukhale ndi wina. Amayi otsogolera gulu la amayi amvedwe. Avomera kale kubwera. Ngati komiti ifuna kumva kwa mtsikanayo, ndikupempha kuti amufunse munthu wamkazi mmodzi pamalo oduka mphepo, asamuimike pamaso pa gulu, chifukwa akukonzekera mayeso a MSCE ndipo wavutika mokwanira. Lipoti la ku Kasungu liyambe laima mpaka zimenezi zitachitika. Mlandu wobisa mwana ndikupempha kuti ufafanizidwe, ndipo udindo woyang'anira atsikana ndibwezeredwe ngati komiti idzaona kuti ndikuyenerabe.

Ndikupemphanso kuti komiti itilembere chochita mwana akathawira kwa mphunzitsi usiku: woimbira ndani, akapanda kuyankha tiimbire ndani wina, ndipo mwanayo akagone kuti. Lamulo lathu limangonena kumene sayenera kugona. Ndine wokonzeka kuthandiza kulemba ndondomekoyo, kaya ndibwezeredwa udindo kaya ayi.

Pamodzi ndi kalatayi ndaphatikiza chithunzi cha uthenga wa pa 7 Febuluwale, lipoti langa la pa 10 Febuluwale, ndi umboni wa amayi aja umene asainira. Foni yanga ndidzabwera nayo kuti aliyense adzionere yekha.

Ine wanu pa ntchito,

Mphunzitsi wa Bayoloje, Fomu 3 ndi Fomu 4

Kope: Mphunzitsi Wamkulu, nthumwi ya TUM ya pasukulu