Ndondomeko ya ntchito za pakhomo pathu, sabata ya pa 10 mpaka pa 16 Novembala 2025

Kwa bambo a Chisomo, kwa alamu anga, ndiponso kwa iwe Chisomo, kuchokera kwa ine mayi a Chisomo, kuno kwa Kamwendo, Mchinji.

Ntchito zonse zimene takhala tikulemba kuseri kwa kalendala, pachikuto cha buku la banki mkhonde ndiponso m'mauthenga a pafoni ndazisonkhanitsa pamodzi usiku wa Lamulungu, ndipo nditaziwerenga ndinaona kuti kugula mbewu ya soya kunalembedwa pansi pa kugula utoto wa khomo, ngati kuti ziwirizi n'zolemera mofanana. Pozisanja ndafunsa funso limodzi pa ntchito iliyonse: mvula yodzalira ikagwa sabata yamawa ntchitoyi isanachitike, titaya chiyani? Yankho lake ndi limene laika ntchito iliyonse pamalo pake. Ntchitozi zili m'magulu asanu, omwe ndi munda, ndalama, ana, pakhomo, ndi za mudzi ndi mpingo.

Zoyamba, zosadikira

Za munda ndi izi: kumaliza mizere m'munda wa kudambo pofika Lachisanu, kugula mbewu ya soya ndi inokulanti yake Lachitatu, kusenda mtedza wambewu pofika Loweruka, ndiponso kupanga manyowa a mbeya Lachiwiri. Za ndalama ndi ziwiri zokha, koma zonse zili ndi tsiku limene sitinasankhe ife: K25,000 yotsala ya sukulu ya Chisomo, imene aphunzitsi akulu anati ifike pasanadutse Lachisanu pa 14, ndi gawo la ngongole yanga ya banki mkhonde, K40,000, limene ndiyenera kupereka pamsonkhano wa Lachinayi. Kusikelo kwa Tadala ndi Lachitatu m'mawa. Pakhomo chosadikira n'chimodzi, denga la chipinda chosungiramo feteleza, chifukwa thumba la yureya likanyowa ndiye kuti ndalama zasungunuka tikuona.

Zachiwiri, zofunika koma zotha kusuntha ndi tsiku limodzi kapena awiri

Katemera wa chitopa wa nkhuku, kukonza gudumu la ngolo, kukagayitsa chimanga ndi kukaona azakhali ku Kapiri.

Zachitatu, zimene ndazichotsa m'sabata ino

Utoto wa khomo, kuumba njerwa za khola la mbuzi ndi kusoketsa yunifolomu ya kwaya zidikira mpaka titadzala. Ndikudziwa, bambo a Chisomo, kuti za khola zili pamtima panu, ndipo sindinazifufute. Ndazilemba patsamba la Disembala, ngakhale ndikuganiza kuti njerwa zoumba mvula ili pakhomo n'zongotayitsa mphamvu, ndipo bwenzi titadikira chilimwe.

Lolemba, pa 10

M'mamawa tonse atatu akuluakulu tipita kudambo kukapitiriza mizere, ndipo titenge chingwe ndi ndodo yoyezera ija kuti mizere italikirane masentimita 75, pakuti chaka chatha pamene tinkangoyeza ndi maso tinataya malo okwana mizere ingapo. Masana alamu akwere padenga kukaona ngati vuto ndi misomali kapena lata lenileni, kuti zofunikazo zilowe pamndandanda wa zogula za Lachitatu. Iwe Chisomo, ukaweruka kusukulu usonkhanitse phulusa ndi kulisefa, ndiponso upere ndowe zouma za mbuzi.

Lachiwiri, pa 11

Ili ndi tsiku la mbeya, ndipo ndikupempha kuti lisasunthe ngakhale kutabwera alendo. Manyowawa amafuna masiku 21 ali m'thumba lomangidwa bwino la pulasitiki mkati mwake kuti apse, choncho tikasakaniza madeya, phulusa, ndowe, feteleza ndi madzi pa 11 Novembala, adzakhala okonzeka pa 2 Disembala. Tikadzala chimanga sabata yamawa, nthawi yobereketsa, yomwe imafika patatha masabata atatu, idzapeza manyowa atapsa kale. Tikazengereza kwambiri pano, chimanga chidzadikira chili chachikasu m'munda, ndipo n'chifukwa chake ntchito yooneka yaing'ono ngati imeneyi ndaiika pamwamba pa zina zimene zimamveka phokoso kwambiri. Tikamaliza kusakaniza, bambo a Chisomo ndi alamu abwerere kumizere, ine nditsale ndikumanga matumba ndi kulemba tsiku pa lililonse.

Lachitatu, pa 12

Maulendo onse ndawaunjika patsiku limodzi kuti tisalipire kabaza kawiri. Ine ndidzuka ndi Tadala kupita kusikelo, buku lake lachipatala lili kale m'chikwama. Bambo a Chisomo mupite ku Boma, mukayambe mwatapa ndalama ya nkhumba ija ku Mpamba, kenaka mukagule mbewu ya soya, inokulanti ndi za padenga. Chonde mukaone tsiku lothera ntchito papaketi ya inokulanti, ndipo pobwerera isakhale padzuwa, chifukwa muli tizilombo tamoyo timene kutentha kumapha. Ikafika tidzaiika pamalo ozizira pafupi ndi mtsuko, ndipo tidzaisakaniza ndi mbewu tsiku lodzala lenilenilo. Ndalama ya sukulu ndi ya ngongole muiike padera musanalowe m'sitolo iliyonse.

Lachinayi, pa 13

M'mawa ndiwerenga mtedza 100 umene ndinafesa pambali pa bafa Lachinayi lapitali poyesa mbewu. Ukamera wopitirira 80, mbewu yathu ya CG7 tiidalira. Ukaperewera kwambiri, tidzayenera kukambirana usiku womwewo zogula ina, ndipo ulendo wa ku Kapiri udzakhala woyamba kuchotsedwa kuti ndalama yake ipite kumeneko. Alamu amalize denga tsiku lomweli. Msonkhano wa banki mkhonde uyamba 2 koloko masana, ndipo popeza ndine msungichuma, sindingaimirire pamaso pa amayi anzanga kukumbutsa ena za ngongole zawo, yanga ili yosabweza, makamaka pamene kugawana kwa Disembala kwayandikira.

Lachisanu, pa 14

Bambo a Chisomo mukapereke nokha ndalama ya sukulu m'mawa ndipo mukatenge lisiti. Mizere ithe lero. Ikatsala yochepa, tiitane aganyu awiri masana, malipiro awo achokere pa ndalama ya utoto ija.

Loweruka, pa 15

M'mawa nkhuku zisatsegulidwe mpaka wopereka katemera atafika ndi kudontheza iliyonse m'diso, pamodzi ndi anapiye omwe. Zikatha izi tikhala pansi pa mtengo wa mango kusenda mtedza ndi manja, osauwaza madzi kuti makoko afewe, chifukwa chinyezi chimabweretsa chuku, ndipo wosweka ndi wofwapa tiupatule ukhale wansinjiro. Chisomo apite kuchigayo ndi njinga, alamu aone za gudumu la ngolo. Madzulo sindinaikepo kanthu mwadala, kuti chimene chatsalira m'kati mwa sabata, kapena tsiku limene lingatayike ndi maliro m'mudzi, chipeze polowa.

Lamulungu, pa 16

Tikabwera kutchalitchi, ngati mbewu yamera bwino ndipo ndalama yatsala, ine ndi bambo a Chisomo tidzapita kukaona azakhali ku Kapiri ndi kubwerako dzuwa lisanalowe. Tikadya chakudya chamadzulo, tonse tidzakhala ndi pepala lino, aliyense achonge zimene wamaliza, ndipo zotsala ndidzazisamutsira patsamba la pa 17, pamodzi ndi dongosolo la amene adzayambe munda uti m'mawa wa tsiku limene mvula idzanyowetse nthaka.