Zobwereza za mayeso: mmene nefuroni imasefera magazi ndi kubweza madzi

Anzanga a chaka choyamba, izi ndi zomwe tinakambirana Loweruka ku Ulongwe, ndazilemba kuti omwe anatsakamira ku Tsangano chifukwa cha mayendedwe asatsalire. Muwerenge muli ndi pensulo, muzijambula nefuroni, kasefa kakang'ono ka mu impso, uku mukuwerenga. Amene amangoloweza mayina osajambula amasokonezeka akafika pa lupu ya Henle.

Tiyambe ndi manambala. Impso iliyonse ili ndi manefuroni pafupifupi 1 miliyoni. Impso ziwirizi zimalandira magazi okwana pafupifupi malita 1.2 pa mphindi, kutanthauza magawo 20 mpaka 25 pa 100 alionse a magazi omwe mtima umapopa. Madzi osefedwa ndi mamililita 125 pa mphindi, omwe pa tsiku amakwana malita 180. Pa pepala la mayeso la Chipwitikizi nambala imeneyi mukaipeza ikutchedwa TFG. Koma mkodzo wa munthu wamkulu pa tsiku ndi lita imodzi ndi theka basi, kapena kuposerako pang'ono. Malita ena onsewo amabwerera m'magazi.

Choncho impso siitola zoipa chimodzichimodzi. Imachita ngati mayi amene wakhuthulira dengu lonse la nyemba pamphasa, kenako n'kumabweza zabwino m'dengu, zofumbwa n'kuzisiya pomwepo. Kukhuthulako kumachitika mu gulomerulo. Kubwezako ndi ntchito ya timachubu.

Gulomerulo ndi kampukutu ka timitsempha ting'onoting'ono kokhala m'kachikho kotchedwa kapisula ya Bowman. Magazi amalowa ndi mtsempha wa aferenti n'kutuluka ndi wa eferenti. Wotulukirawu ndi wopapatiza kuposa wolowera, ndiye magazi amapanikizana mkatimo ndipo madzi amafinyidwira kunja. Sefayo ili ndi magawo atatu: khoma la timitsempha lokhala ndi timabowo, kachikopa ka pakati, ndi maselo okhala ndi timiyendo otchedwa mapodosaiti. Madzi, mchere, shuga, ma amino asidi, yureya ndi kiriyatinini zimadutsa. Maselo a magazi sadutsa, ndipo puloteni ya alubumini, kupatula kukula kwake, imakankhidwa chifukwa iyo ndi sefayo zonse zili ndi chaji ya negativu. N'chifukwa chake mayi woyembekezera akapezeka ndi puloteni mumkodzo, BP itakweranso, sitimuuza kuti abwere mwezi wamawa. Sefa yayamba kudontha.

Funso la mphamvu zitatu aphunzitsi amalikonda. Mphamvu ya magazi mu gulomerulo imakankhira madzi kunja, 55. Mapuloteni otsala m'magazi amakokera madzi mkati, 30. Madzi omwe ali kale mu kapisula amakankha mobweza, 15.

```
55 − (30 + 15) = 10 mmHg
```

Mabuku ena amalemba 60, 32 ndi 18, yankho ndi lomwelo. Taonani kuchepa kwa 10 ameneyu. BP ikagwa kwambiri, kusefa kumaima.

Tsopano kubweza. Mfundo yoti muigwire ndi manja awiri ndi iyi: thupi lilibe pampu ya madzi. Limapopa sodiyamu, madzi n'kumalondola. Mukudziwa zomwe zimachitika asodzi a ku Cahora Bassa akathira mchere pa pende wong'amba: pakapita kanthawi nsombayo imayamba kukha madzi, popanda woifinya. Imeneyo ndiye ozimosisi. Yemwe amagwira ntchito yolemetsa ndi pampu ya `Na+/K+ ATPase`, imene imatulutsa sodiyamu atatu m'selo n'kulowetsa potaziyamu awiri.

M'kachubu koyamba, ka pulokisimo, mumabwezedwa magawo 65 pa 100 a sodiyamu ndi madzi, komanso shuga yense ndi ma amino asidi. Shuga amakwera limodzi ndi sodiyamu, koma zonyamulirazo zili ndi malire, ngati chapa ya ku Moatize imene ikadzaza ena amatsala pasiteji. Shuga wa m'magazi akapyola pafupifupi 10 mmol/L, kapena kuti 180 mg/dL, wotsalayo amapita mumkodzo ndipo amakoka madzi. Apo mwayankha kale chifukwa chomwe wodwala shuga amakodza pafupipafupi n'kumamva ludzu losatha.

Lupu ya Henle ndi pomwe ambiri amataya mamalikisi, ine ndemwe ndinalemba mozondoka pa mayeso anga oyamba. Mwendo wotsika umalola madzi kutuluka koma mchere ayi, ndipo pamenepa pamabwezedwa madzi pafupifupi magawo 15 pa 100. Mwendo wokwera, chigawo chake chokhuthala, umachita zosiyana: umatulutsa sodiyamu, potaziyamu ndi kuloraidi, koma madzi sudutsitsa ngakhale dontho. Mchere wotulukawo umaunjikana mu medula, mkatikati mwa impso. Kumtunda kuwawa kwa madzi kuli 300 mOsm/L ngati m'magazi, koma kunsi kwenikweni kumafika 1,200. Zamadzi zotuluka mu lupu zimakhala zosukuluka, pafupifupi 100. Timitsempha ta vaza rekita timatsika n'kukwera pambali pa lupuyo, kunyamula madzi obwezedwa popanda kukokolola mchere wa mu medula.

Mcherewu sunasungidwe pachabe. Kachubu kosonkhanitsa mkodzo kamadutsa mu medula momwemo potsika. Kaya madzi atuluka m'kachubuka kapena ayi, wolamula ndi homoni ya ADH, imene imapangidwa mu haipotalamasi n'kutulutsidwa ndi mbali ya kumbuyo ya pituwitale. ADH ikafika imaika timakomo ta madzi, ma akwaporini, pakhoma la kachubuko. Madzi amathamangira kumchere, mkodzo n'kukhala wochepa ndi wachikasu kwambiri. Mlimi wa ku Changara amene watentha munda tsiku lonse mu Okutobala, dzuwa litapyola madigiri 40, amakodza kamodzi kokha, mkodzo wake wooneka ngati tiyi. ADH ikasowa timakomo timatsekeka, mkodzo n'kuchuluka, woyera ngati madzi. Mowa umatsekereza ADH, n'chifukwa chake omwa amangopita kuseri.

Musasokoneze ADH ndi aludositeroni. Aludositeroni imachokera ku ma adirenali, imauza kachubu ka disito ndi kosonkhanitsa kuti tibweze sodiyamu n'kutaya potaziyamu. Imadzutsidwa motere: magazi akachepa, maselo a pafupi ndi gulomerulo amatulutsa renini, renini imayambitsa anjiyotensini I, imene imasanduka anjiyotensini II makamaka m'mapapo. Anjiyotensini II imafinya mtsempha wa eferenti kuti kusefa kusaime, imaitana aludositeroni, imabweretsanso ludzu.

Mukadziwa malo, mankhwala savuta. Furozemida imatseka kubweza mchere pa mwendo wokwera wa lupu, choncho medula imasukuluka ndipo madzi amataika ambiri, pamodzi ndi potaziyamu. Hidirokolorotiyazida imagwira pa kachubu ka disito. Sipironolakitoni imatchinga aludositeroni, ndiye potaziyamu amasungika, nthawi zina mopyola muyeso.

Yesani funso ili musanaone yankho. Bambo wa makilo 60 wabwera kuchipatala atatsegula m'mimba masiku awiri. BP ndi 85/50. M'maola 6 thumba la katheta lasonkhanitsa mamililita 90. Kodi mkodzowu ndi wokwanira? Fotokozani zomwe zikuchitika mu nefuroni.

Malire apansi ndi 0.5 ml/kg pa ola. Kwa bamboyu ndi mamililita 30 pa ola, 180 m'maola 6. Iye watulutsa theka lake, choncho ndi oliguriya, kutanthauza kuchepa kwa mkodzo. Magazi ofika ku impso achepa, mphamvu ya mu gulomerulo yatsika ndipo TFG yagwa. Renini, anjiyotensini II, aludositeroni ndi ADH zonse zakwera, timachubu tikubweza mchere ndi madzi pafupifupi onse. Chofunika ndi kumubwezera madzi, diripi ya Ringer monga walembera dokotala, ndi kuyeza mkodzo ola lililonse n'kumalemba pachati. Furozemida pano ingangoonjezera vuto. Mufunsenso achibale ngati anamupatsa ibupurofeni kapena dikulofenaki kunyumba, chifukwa mankhwala amenewa amatseka mapurositagilandini omwe amatsegula mtsempha wa aferenti, ndipo magazi ochepa omwe amafika ku gulomerulo amacheperachepera.