Pempho la mitengo: madesiki 80 a ana a sukulu yathu ku Kanyama

Nambala ya pempho: MD/01/2025
Tsiku lotulutsa: Lolemba, 6 Okutobala 2025
Tsiku lotseka: Lachisanu, 31 Okutobala 2025, nthawi ya 12:00 masana

Kwa akalipentala, owotcherera zitsulo ndi onse opanga mipando ya m'sukulu muno mu Lusaka,

Ife a komiti ya makolo ndi aphunzitsi pa sukulu yathu ya m'komboni ku Kanyama tikufuna kugula madesiki 80 okhala ana awiriawiri, ndipo tikukupemphani kuti mutipatse mitengo yanu yolembedwa. Ndalama zake ndi zomwe makolo akhala akusonkha pang'onopang'ono, kuphatikiza ndi thandizo la abale akufuna kwabwino. Pakali pano ana ena amakhala anayi pa desiki ya awiri, ena pa mabuloko, kope lili pabondo. Tikufuna kuti pofika Januwale, sukulu ikamatsegulira, vutoli lichepe.

Talemba miyeso yonse mwatsatanetsatane kuti nonse muwerengere desiki imodzimodzi. Tikangonena kuti "desiki yabwino", wina adzawerengera chitsulo chopyapyala nkuoneka wotchipa, pamene mnzake wa chitsulo cholimba aoneka ngati wadulitsa, ndiye talanga munthu wachilungamo. Chonde werengani mpaka kumapeto musanagwire cholembera.

ZIMENE TIKUFUNA

Ntchitoyi tayigawa pawiri. Gawo A ndi madesiki 40 a ana aang'ono, a Giredi 1 mpaka 3: thabwa lolemberapo likhale masentimita 59 kuchokera pansi, ndipo lokhalira masentimita 35. Gawo B ndi madesiki 40 a ana aakulu: lolemberapo masentimita 71, lokhalira masentimita 43. Mukhoza kupereka mtengo wa gawo limodzi kapena onse awiri. Tachita dala chonchi kuti amene ali ndi kashopu kakang'ono, kaya ku Kalingalinga, ku Garden kapena kwathu konkuno, asaope kupikisana ndi makampani.

Pa magawo onse awiri desiki ndi benchi zikhale pa felemu imodzi. Thabwa lolemberapo litalike masentimita 110, m'lifupi 40. Lokhalira 110, m'lifupi 25. Pansi pa thabwa lolemberapo pakhale shelefu ya mabuku, mpata wake masentimita 12.

Felemu ikhale ya chubu cha ngodya zinayi, mamilimita 25 mbali zonse, ndipo khoma la chubucho likhale mamilimita 1.6. Pamenepa ndi pamene madesiki ambiri amafera. Chubu cha 1.0 kapena 1.2 chikapakidwa penti simungachisiyanitse ndi maso, koma ana akangoyamba kukokerana desiki posesa, miyendo imapindika ndipo powotcherera pamang'ambika. Choncho miyendo musaitseke mpaka titaona. Tidzayeza khoma la chubu ndi kachipangizo koyezera, kenako mudzaike timapazi ta pulasitiki kapena ta labala. Polumikiza paliponse muwotcherere mozungulira, osati kungodontheza kawiri, ndipo musalaze bwino kuti pasakhale chong'amba yunifomu kapena kucheka mwana. Chitsulo chiyambe chapakidwa redi okisaidi, pamwamba pake penti wakuda kawiri. Kwathu kuno pansi pamachita chinyezi nthawi ya dzinja, ndipo chitsulo chopanda penti woyambayo sichichedwa kudyeka ndi dzimbiri kuyambira kumapazi.

Matabwa akhale a paini wouma, okhuthala mamilimita 25 atapalidwa kale. Sitilandira chipibodi kapena bolodi iliyonse ya utuchi womata, chifukwa ikangolawa madzi imatupa nkuyamba kunyenyeka. Tikudziwa kuti ku Buseko ndi m'misika ina matabwa ambiri amafika akadali aawisi. Thabwa lotere limaoneka bwino tsiku lobweretsa, koma pakapita mwezi lapotoka, ndipo mwana akamalemba pensulo imaboola pepala pa mng'alu. Ngati thabwa lolemberapo muchita cholumikiza, zidutswa zisapitirire ziwiri, zomatidwa ndi guluu popanda mpata. Ngodya zonse muzizungulize, mupake vanishi kawiri mbali zonse, ndi kunsi komwe. Matabwa amangidwe ku felemu ndi mabawuti a mutu wozungulira a mamilimita 8, osati misomali kapena masikuluu, kuti thabwa likatha tizitha kusintha lokhalo.

Amene akuona kuti mukwa kapena mtengo wina wolimba ungachite bwino, alembe mtengo wakewo pa mzere wapadera. Koma mtengo wa desiki ya paini ukhalepo ndithu, chifukwa ndi umene tidzayerekeze.

KABWERETSEDWE

Wopambana adzayamba wapanga desiki imodzi yachitsanzo ndi kuibweretsa pa sukulu pofika Lachisanu, 14 Novembala 2025. Tikaivomereza tidzaisainira kunsi kwa thabwa, ndipo idzakhala muyeso wa zina zonse. Imeneyi ili m'gulu la 40 aja, tidzailipira.

Madesiki a Gawo A afike pofika Lachisanu, 5 Disembala, a Gawo B pofika Lachisanu, 19 Disembala 2025, tsiku lantchito, pakati pa 08:00 ndi 15:00. Afike omangidwa kale, penti atauma. Mtengo wanu uphatikize thiransipoti, kutsitsa ndi kulowetsa m'makalasi. Sitidzaonjezera ngwee pa geti. Katundu ndi wanu mpaka titawerenga ndi kusaina pepala lolandirira, kutanthauza kuti chothyoka panjira nchanu.

Tikuchenjezeretu za njira. Mukapatuka mu msewu wa Los Angeles, kanjira kofika pa sukulu nkopapatiza, ka miyala, ndipo mvula ikagwa madzi amaima. Lole yaikulu singakhote pa geti yathu. Yaing'ono ya matani atatu imalowa. Nthawi yobweretsayi mvula idzakhala itayamba, ndiye werengerani maulendo angapo ndi tenti yofunditsa. Kuti mudzionere nokha, bwerani Loweruka, 11 Okutobala. Anthu awiri a komiti adzakudikirani pa geti ya chipatala cha Kanyama kuyambira 09:00 mpaka 09:30, kenako tidzayendera limodzi kukaona njira, makalasi ndi madesiki akale omwe anathyoka. Kubwera sikokakamiza, ndipo amene sadzabwera sitidzamuchotsera kanthu.

Desiki yosafanana ndi yachitsanzo tidzaibweza, ndipo mudzaikonze kapena kuisintha m'masiku 7 ndi ndalama zanu. Mukachedwa popanda kugwirizana nafe molemba, tidzadula 1 peresenti ya mtengo wa gawolo pa sabata iliyonse, osapitirira 5 peresenti. Za kuthima kwa malaiti tonse tikuzidziwa, ndipo nchifukwa chake tapereka masabata angapo. Ngati mumadalira jenereta, mafuta ake alowe mu mtengo panopa, osati kudzatiuza mu Disembala.

MALIPIRO

Tidzalipira m'makwacha, kudzera ku banki, mu akaunti ya dzina lomwe lili pa koteshoni. Chitsanzo chikavomerezedwa tidzapereka 30 peresenti kuti mugule zipangizo. Ina 65 peresenti tidzapereka m'masiku 7 titalandira gawo lonse ndi invoisi. Yotsala 5 peresenti tidzaisunga mpaka Lachisanu, 27 Febuluwale 2026, ana atakhalira madesikiwo kwa masabata angapo. Mutitsimikizirenso molemba kuti powotcherera pakaduka kapena thabwa likang'aluka lokha m'miyezi 12, mudzakonza ulere.

ZOYENERA KUKHALA MU ENVELOPU

Lembani mtengo wa desiki imodzi, mtengo wa gawo lonse, ndi thiransipoti pa mzere wakewake. Olembetsa VAT aonetse 16 peresentiyo payokha; osalembetsa asaiwonjezere. Mtengo ukhale wosasintha mpaka 15 Disembala 2025, ndipo wa wopambana usasinthe mpaka ntchito itatha. Ikanimo TPIN yanu, kope la satifiketi ya ZRA yosonyeza kuti za msonkho zili bwino, ndi la PACRA ngati bizinesi inalembetsedwa. Mmisiri wogwira m'dzina lake aike kope la chitupa chake m'malo mwa la PACRA. Tchulani malo awiri kumene munapangako madesiki kapena mabenchi, oti tingapite kukaona, ndiponso pamene shopu yanu ili. Koteshoni ikhoza kukhala m'Chinyanja kapena m'Chingerezi, yotayipa kapena yolemba pamanja, bola iwerengeke ndipo isainidwe.

Ngati muli pachibale ndi wina wa m'komiti kapena mphunzitsi wa pano, nenani m'kalata yanu. Sitikuchotsani, koma m'bale wanuyo adzatuluka m'chipinda posankha. Wobisa chibalecho, kapena wopatsa aliyense wa ife kenakake kumbali, koteshoni yake tidzaitaya.

MASIKU

Mafunso alembedwe ndi kusiyidwa ku ofesi ya aphunzitsi aakulu pofika Lachisanu, 17 Okutobala. Mayankho onse tidzawamata pa bolodi la pa geti Lolemba, 20 Okutobala, ndi kuwaikanso pomwe mwawerengera pempholi, popanda kutchula amene anafunsa. Palibe amene adzayankhidwa payekha pa foni, kuti chimene wamva mmodzi amve onse.

Kuchokera lero mpaka tsiku lotseka pali masiku 25. Ena m'komiti ankafuna sabata imodzi yokha poopa mvula, koma tinaona kuti sabata imodzi imakomera yekhayo amene anamva kale mphekesera. Mmisiri amafunika nthawi yozungulira kufunsa mtengo wa chubu ndi matabwa, kukambirana ndi mwini lole, ndi kukonza mapepala a ku ZRA ngati anatha ntchito. Pakati pomwepa palinso tchuthi cha ufulu wa dziko pa 24 Okutobala, Lachisanu, pamene maofesi amakhala otseka. Ndipo mayankho akatuluka pa 20, mudzakhalabe ndi masiku 11 okonzanso mtengo wanu. Zikachitika kuti tasintha muyeso wina uliwonse pambuyo pa 20 Okutobala, tsiku lotseka tidzalisunthira kutsogolo ndi masiku 7, kwa onse.

Envelopu ikhale yomata, kunja kolembedwa MD/01/2025 ndi gawo lomwe mwasankha. Iponyedwe m'bokosi lokhoma la mu ofesi ya aphunzitsi aakulu, Lolemba mpaka Lachisanu, 08:00 mpaka 16:00, kupatula tsiku la tchuthi lija, ndipo pa 31 Okutobala mpaka 12:00 basi. Mukaponya, sainani m'buku ndi kulandira kalisiti kolembedwa tsiku ndi nthawi. Bokosilo lili ndi maloko awiri, kiyi wina kwa wapampando, wina kwa msungichuma. Sitilandira mitengo ya pa WhatsApp kapena pa foni, popeza mtengo wofika poyera ukhoza kuonedwa tsiku lisanakwane. Tidzatsata wotchi ya pakhoma la mu ofesi. Yofika 12:01 idzabwerera yosatsegula, ngakhale mwini wake akhale mnansi wathu, choncho musadikire tsiku lomaliza kuti mulimbane ndi mzere wa magalimoto m'tauni.

Maenvelopu adzatsegulidwa tsiku lomwelo nthawi ya 12:30 m'kalasi yoyamba kuchokera pa geti, pamaso pa aliyense wofuna kukhalapo, ndipo mayina ndi mitengo zidzawerengedwa mokweza. Posankha tidzayamba taona amene mapepala awo ndi okwana, kenako amene atsata miyeso ndi masiku obweretsera. Mwa otsalawo, wotsika mtengo pa gawo lililonse ndiye adzapambane, titakaona kaye shopu yake ndi ntchito yake yakale. Mitengo yonse ikaposa thumba lathu, tikhoza kuchepetsa chiwerengero ndi madesiki osapitirira 5 pa gawo, pa mtengo womwewo wa desiki imodzi. Zotsatira tidzazimata pa bolodi Lachisanu, 7 Novembala 2025, ndipo amene sanapambane akafunsa chifukwa, tidzamuyankha molemba m'masiku 7.

Ife anu,

Wapampando ndi Mlembi,
m'malo mwa komiti ya makolo ndi aphunzitsi