Oda nambala 0417: malata sanafike pa 10 Okutobala monga tinapanganira

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi anzanu onse kuntchitoko. Ndikulemba pa nkhani ya oda yathu nambala 0417, yomwe tinapereka pa 22 Seputembala: malata 180 a geji 28 otalika mamita 3.6, zophimbira pamsonga pa denga 24, ndi misomali ya malata makilogalamu 40. Tsiku lomwelo tinalipira theka la ndalama zonse monga munapemphera, ndipo risiti yanu tili nayo. Pa kalata yanu yovomereza odayi munalemba kuti katundu adzafika pamalo pomwe tikumanga Lachisanu pa 10 Okutobala, nthawi ya m'mawa.

Lero ndi Lachitatu pa 15, ndipo sitinalandire ngakhale lata limodzi.

Lachisanulo kapitawo wathu anakonza malo otsitsira katundu, anayala matabwa pansi kuti malata asagone pa dothi, n'kusunga anyamata anayi oti athandize kutsitsa. Anadikira mpaka dzuwa kulowa. Ine ndinaimba foni ku ofesi kwanu kawiri masana. Ulendo woyamba anandiuza kuti lole yanyamuka kale, ulendo wachiwiri anati ikupakira. Lolemba ndinaimbanso ndipo anandilonjeza kuti inuyo mundiimbira, koma foniyo sinabwere. Kunena zoona, chimene chandiwawa kwambiri si kuchedwako ayi. Galimoto zimawonongeka, makina a ku fakitale amaima, zimenezi tonse timazidziwa. Koma mukanangotiuza Lachinayi kuti zinthu zavuta, bwenzi titasintha ndondomeko ya ntchito popanda kutaya kanthu.

Ndiloleni ndifotokoze momwe zinthu zilili kuno, kuti muone chifukwa chake ndikulimbikira. Akalipentala anamaliza kukhoma matabwa onse a denga pa 9. Matabwawo ali pamtetete, akuwombedwa ndi dzuwa tsiku lonse, ndipo dzulo ndinaona ndi maso anga kuti angapo a mbali ya kumadzulo ayamba kupindika. Mvula ikangowapeza choncho, ena tidzachita kuwazula, chifukwa lata silikhala bwino pa thabwa lokhota ndipo denga lotero silichedwa kudontha. Amisiri asanu ndi mmodzi tikuwalipira pa tsiku ali chikhalire pamthunzi. Wa magetsi ndi wa siling'i sangayambe ntchito nyumba ili yosafolera. Mwini nyumbayo naye akundifunsa m'mawa uliwonse, ndipo ine mayankho andithera.

Choncho ndikupempha kuti pofika mawa, Lachinayi pa 16, nthawi ya 12 koloko masana, mundiyankhe kudzera pa imelo yomwe ino, osati pa foni. Mundiuze chomwe chachedwetsa katunduyu, komanso tsiku ndi nthawi yomwe lole ifike. Ife tingathe kudikira mpaka Lolemba pa 20 Okutobala basi. Ngati vuto ndi lakuti malata onse sanakwane, tumizani omwe alipo. Ngakhale 90 okha ndi misomali yake atikwanira kufolera mbali imodzi pamene otsalawo akukonzedwa.

Chimodzi chokha ndichenjezeretu: chonde musatitumizire geji 30 pofuna kuti nkhani ithe msanga. Ndi opyapyala kuposa omwe tinaitanitsa, ndipo mapulani a nyumbayi akunena geji 28. Kapitawo adzayeza malatawo ndi kuwawerenga asanasaine chikalata cholandirira katundu, ndipo osiyana ndi oda adzabwerera pa lole yomweyo. Dalaivala aimbe foni kutatsala ola limodzi kuti afike, tipezeretu anthu otsitsa.

Likadutsa Lolembalo katundu asanafike, tidzaona kuti odayi yathetsedwa. Tidzagula malata kwina, ndipo tidzapempha kuti ndalama zomwe tinalipira zibwezedwe zonse pasanathe masiku asanu ndi awiri, monga ikunenera ndime 6 ya mgwirizano womwe tonse tinasaina. Sindikufuna kuti tifike pamenepo. Takhala tikugula kwa inu zaka zitatu tsopano, katundu wanu sanatikhumudwitsepo, ndipo mu Januwale tili ndi nyumba ina yofuna malata ochuluka kuposa awa. Koma kuti odayo ibwere kwa inu zidalira momwe nkhani inoyi ithere.

Ndaphatikiza pa imeloyi kalata yanu yovomereza oda, risiti, ndi zithunzi ziwiri za denga zomwe ndajambula m'mawa uno. Ngati nkhaniyi ikuyendetsedwa ndi munthu wina, chonde mupatsireni uthengawu ndipo mundiuze dzina lake kuti ndizilankhula naye mwachindunji.

Ndidikira yankho lanu mawa masana.

Ine wanu,
Woyang'anira ntchito yomanga