Kalata yopempha chilolezo choonetsa filimu m'kalasi ya Fomu 3

Lolemba, 10 Malichi 2025

Okondedwa makolo ndi onse osamalira ana a Fomu 3,

Ndikukupatsani moni, ndikhulupirira kuti nonse muli bwino. Ndine mphunzitsi wa phunziro la mbiri wa ana anu, ndipo ndalemba kalatayi kuti ndipemphe chilolezo chanu ndisanaonetse anawa filimu ina m'kalasi. Aphunzitsi aakulu avomereza kale, koma pa nkhani ngati iyi mawu omaliza ndi anu eni ana.

Kwa masabata atatu tsopano takhala tikuphunzira za kupululidwa kwa Atutsi ku Rwanda m'chaka cha 1994. Kuphana kunayamba ndege ya pulezidenti Juvénal Habyarimana itawomberedwa pa 6 Epulo, ndipo m'masiku pafupifupi 100 anthu oposa theka la miliyoni anaphedwa, mabuku ambiri amati 800,000. Ochuluka anali Atutsi, koma Ahutu amene anakana kupha anzawo nawonso anaphedwa. Anawa manambala onsewa awaloweza. Chimene chandidetsa nkhawa n'chakuti sabata yatha, nditafunsa kuti zinatheka bwanji munthu kupha mnansi wake amene ankabwerekana naye zinthu, kalasi yonse inangoti zii, kenako wina anayankha kuti, "Anali anthu oipa basi." Yankho limeneli ndi limene ndikufuna tiligwedeze, chifukwa likubisa mmene chidanicho chinaphunzitsidwira pang'onopang'ono.

Filimuyo ndi Hotel Rwanda, yomwe inatuluka mu 2004, ndipo anaitsogolera ndi Terry George. Ndi ya m'Chingerezi, imatenga maola awiri. Ikusimba za Paul Rusesabagina, Mhutu wokwatira Mtutsi, yemwe ankayang'anira hotela ya Mille Collines mumzinda wa Kigali, kumene anthu oposa 1,200 anabisala napulumuka. Tidzaionera mbali ziwiri, Lachitatu pa 19 ndi Lachinayi pa 20 Malichi, nthawi ya phunziro lathu ndi ya phunziro lotsatira, imene mnzanga wa Chingerezi wandibwereka. Palibe chimene mudzalipire.

Za msinkhu woyenera kuonera, mafilimu ambiri amakhala ndi chizindikiro chimene bungwe la opanga mafilimu la ku America limapereka. G ndi ya aliyense. PG ndi yoti makolo ayambe aona ngati ikuyenera ana aang'ono. R imafuna kuti wosakwana zaka 17 akhale ndi kholo kapena womusamalira poonera. Yathuyi ili pakati, ndi ya PG-13, kutanthauza kuti makolo akuchenjezedwa mwamphamvu kuti zina mwa zimene zilimo sizingayenere mwana wosakwana zaka 13. Ku Britain anaipatsa 12A, kutanthauza kuti wosakwana zaka 12 sangaionere kukanema popanda munthu wamkulu. Mukhale mukudziwanso kuti ku America poyamba anaiika pa R, ndipo anaitsitsa pa PG-13 eni filimu atadandaula. Ana a m'kalasi mwathu ali ndi zaka za pakati pa 15 ndi 17, choncho onse anapitirira msinkhuwo. Komabe chizindikiro sichidziwa mwana wanu. Amene mumamudziwa ndinu, n'chifukwa chake ndikufotokoza zimene zilimo mosabisa.

Zifukwa zimene anaperekera PG-13 ndi zitatu: nkhanza, zithunzi zosautsa mtima, ndi mawu otukwana amene amamveka mwa apo ndi apo. Ndaioneranso ndekha kawiri mwezi uno, cholembera chili m'manja. Pali malo pamene mtolankhani akuonetsa zimene wajambula, anthu akutemedwa ndi zikwanje, koma zikuoneka chapatali. Pali malo ena, amene kwa ine ndi olemera kuposa onse, pamene galimoto ikuyenda m'mamawa kuli nkhungu, n'kumadumphadumpha, ndipo atatsika apeza kuti msewu wonse wadzaza mitembo. Mumaonekanso amayi ogwidwa ukapolo ndi zigawenga, ana olira ndi mantha, asilikali akuopseza anthu ndi mfuti, komanso mowa umene Paul akupereka ngati ziphuphu kuti anthu ake asaphedwe. Magazi saonetsedwa kwambiri, koma mantha ali ponseponse, ndipo mwana wa mtima wofewa akhoza kulira. Inenso pena ndinapukuta misozi, si chinthu chochititsa manyazi.

Mwina mungafunse kuti bwanji osangowerenga m'buku. Pali zinthu zimene ndalephera kuzifikitsa ndi choko. Ndawauza kuti wailesi ya RTLM inkatchula Atutsi kuti inyenzi, ndiye kuti mphemvu, ndipo analemba m'makope mwawo. Koma kumva mawu otere akutuluka m'wailesi, munthu ali m'galimoto ndi ana ake, n'kosiyana. Ndawauzanso kuti ziphaso zolembedwa mtundu wa munthu, zimene atsamunda a ku Belgium anayambitsa m'zaka za m'ma 1930, ndizo zinkaonedwa pamarodibuloko posankha woti afe. M'filimumu adzaona kapepala kakang'onoko kakugwira ntchito imeneyo. Adzaonanso azungu akukwezedwa m'mabasi kuchoka, eni dziko akusiyidwa, zomwe zidzatithandiza kukambirana chifukwa chake bungwe la United Nations, m'malo moonjezera asilikali ake, linawachepetsa kufika pa 270 kuphana kuli mkati.

Cholinga china, chimene ine ndimachiona chachikulu, n'chakuti anawa aphunzire kusameza chilichonse chimene aona pakanema. Filimu si umboni wa m'khoti. Mkulu wa asilikali wotchedwa Oliver m'filimumu ndi wopeka, ngakhale anamutengera kwa Roméo Dallaire wa ku Canada, amene ankatsogoleradi asilikali a United Nations ku Rwanda. Ena mwa anthu amene anabisala m'hotela ija anatsutsa poyera mmene Rusesabagina waonetsedwera ngati ngwazi, ndipo mkanganowo sunathe mpaka lero. Ana adzalemba chimangirizo chofananitsa filimuyi ndi zimene tawerenga, n'kunena pamene zikugwirizana ndi pamene opanga filimu anakometsera.

Tisanayambe kuonera ndidzawachenjeza za malo ovuta aja, ndipo ndidzaimitsa filimu kangapo kuti tikambirane. Mwana amene zamukulira adzaloledwa kutuluka osafunsidwa chifukwa, ndipo aphunzitsi opereka uphungu adzakhala m'chipinda choyandikana masiku onse awiri. Ngati mwana wanu waferedwa posachedwapa, kapena banja lanu linakhudzidwapo ndi nkhondo kapena chiwawa, chonde ndinong'onezeni. Zidzakhala pakati pa inu ndi ine.

Mukakana, mwana wanu sadzataya malikesi ngakhale amodzi. Adzakhala kulaibulale ndi nkhani zowerenga za mutu womwewu, ndipo chimangirizo chake chidzachokera pa zimenezo. Simukuyenera kupereka chifukwa, ndipo sindidzamutchula pamaso pa anzake.

Yankho lanu mulilembe kuseri kwa kalata yomweyi. Mulembe dzina la mwana, kenako mawu akuti "Ndalola" kapena "Sindinalole", musaine ndi kuika tsiku. Mwana abweze kalatayi kwa ine pofika Lachisanu pa 14 Malichi. Amene kalata yake sidzabwera ndidzamutenga ngati sanaloledwe. Ofuna kuona okha malo amene ndatchulawa asanasankhe, kapena amene ali ndi mafunso, ndidzakhala m'chipinda cha aphunzitsi Lachinayi pa 13 Malichi kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko masana, filimu ili pomwepo.

Zikomo kwambiri chifukwa chowerenga.

Ine wanu,

Mayi E. Banda
Mphunzitsi wa phunziro la mbiri, Fomu 3