Ambuye Mundifikitse Kwathu

Ndinakwera basi ya ku Joni,
kudutsa Mwanza, Tete, mpaka Beitbridge,
amayi anandipatsa kachitenje ati mwanangu usaiwale pemphero

Ambuye ndinu m'busa wanga,
mundisunge kuno kuchilendo, mundifikitse kwathu

Juni yafika kuzizira kwake eeh, m'manja mwauma ndi simenti
tikugona asanu kachipinda kamodzi
koma pakutha pamwezi timaranditi ndatumiza,
fizi ya ana, feteleza wa kumunda

Ambuye ndinu m'busa wanga,
mundisunge kuno kuchilendo, mundifikitse kwathu

Mwana ndinamusiya akukwawa lero akundifunsa pafoni,
adadi mubwera liti?
Ndasowa nsima ya kondoole, usipa wa ku Nkhotakota,
ndi ng'oma ya kwaya Lamulungu m'mawa
Yosefe ku Iguputo simunamutaye, inenso musanditaye

Mundifikitse kwathu ndili wamoyo Ambuye